Mizere Iwiri Yoyamba: Malo Ochepa Amene Amagulitsa Vidiyo pa YouTube

Pansi pa vidiyo iliyonse ya pa YouTube pali bokosi la mawu ofotokozera vidiyoyo, limene pa sikirini limalembedwa kuti `Description`. Mwini vidiyo amaloledwa kulembamo zilembo zokwana 5,000, kuwerengera ndi mipata yomwe ya pakati pa mawu. Malowa ndi aakulu poyerekeza ndi mutu wa vidiyo, umene sungapitirire zilembo 100. Komabe woonera sapatsidwa mawu onsewo nthawi imodzi. YouTube imaonetsa chiyambi chokha, kenako imadula mawuwo ndi kuika madontho atatu pamodzi ndi liwu loti `...more`. Zotsalazo zimaonekera munthu akadina pa liwulo, ndipo amene amadina ndi amene ali kale ndi chifukwa chodinira. Chifukwacho chimachokera m'mizere imene yatsala poyera. Ndiye kuti m'zilembo 5,000 zija, zimene zimagwira ntchito yokopa mlendo ndi zoyambirira zokha, pafupifupi 100 mpaka 150, zomwe pa kompyuta zimadzaza mizere iwiri kapena itatu.

Kudula kumeneku sikuchitika mwangozi. Tsamba la vidiyo lili ndi zinthu zambiri zolimbirana malo: vidiyo yeniyeniyo, mutu wake, dzina la tchanelo, mabatani, ndemanga za oonera ndi mndandanda wa mavidiyo ena. Malongosoledwe onse akanati aziikidwa poyera, ndemanga ndi mavidiyo enawo zikanakankhidwira pansi kwambiri. Choncho kampaniyi, imene inayamba mu 2005 ndi kugulidwa ndi Google mu 2006, inasankha kupinda bokosilo. Facebook, Instagram ndi TikTok nazonso zimapinda mawu aatali mwa njira yofananayo, ngakhale kuti iliyonse ili ndi muyeso wakewake.

Mpeni sugwera pamalo amodzi

Mawu akuti "mizere iwiri" ndi ongothandiza kukumbukira, si muyeso wokhazikika. Pulogalamu imadula potengera malo amene alipo pa sikirini, osati potengera pamene chiganizo chathera. Pa kompyuta ya sikirini yotambalala, mzere umodzi ungathe kunyamula chiganizo chonse ndi theka la china. Zenera la pulogalamu yotsegulira masamba likachepetsedwa, mzere womwewo umafupika. Pa foni malo ndi ochepetsetsa: mu pulogalamu ya YouTube, pansi pa mutu pamaoneka chiwerengero cha oonera, nthawi imene vidiyo inaikidwa ndi `...more`, ndipo nthawi zambiri malongosoledwe saoneka mpaka munthu atadina. Akadina, chimene chimamulandira ndi mizere yoyambirira yomweyo. Kukula kwa zilembo kumene mwini foni anasankha nakonso kumasuntha podulira, ndipo YouTube imasintha kaonekedwe ka tsambali kawirikawiri.

Pali chinthu china chimene olemba ambiri sachizindikira. Mzere ndi mzere, kaya uli ndi mawu kapena ulibe. Munthu akalemba liwu limodzi, monga "Moni!", kenako n'kudumpha mzere wopanda kanthu asanayambe nkhani yake, wawononga kale mizere iwiri yonse. Woonera amaona moniyo ndi malo oyera, basi.

Mfundo yotuluka apa ndi yakuti wolemba sangadziwiretu pamene mpeni udzagwere. Njira yokhayo yodalirika ndi kuika chofunika kwambiri kumayambiriro kwenikweni, chotsatira pambuyo pake, kuti kulikonse kumene mawu angadulidwe, chotsalacho chikhale chomveka pachokha. Atolankhani amalemba nkhani za m'nyuzipepala motero kuyambira kale, kuti mkonzi akasowa malo adule kuchokera kumunsi popanda kupha nkhani.

Kumene mizereyi imakafika

Kufunika kwenikweni kwa mizere yoyambayi sikuli pa tsamba la vidiyo ayi. Munthu amene wafika pa tsambalo wasankha kale kuonera. Mizereyi imagwira ntchito yake yaikulu kunja, kumene munthu sanasankhebe.

Malo oyamba ndi zotsatira za kusaka. Munthu akalemba zimene akufuna m'bokosi losakira la YouTube pa kompyuta, vidiyo iliyonse imabwera ndi kachithunzi, mutu, dzina la tchanelo ndi kachidutswa ka malongosoledwe. Kawirikawiri kachidutswako kamatengedwa kumayambiriro, ngakhale kuti nthawi zina pulogalamu imasankha chiganizo cha m'kati chimene chili ndi mawu amene munthuyo wasaka. Google nayonso imachita zofananazo ikamaonetsa mavidiyo m'zotsatira zake. Mavidiyo asanu a nkhani imodzi akaima pamzere, mitu yake imakonda kufanana, ndipo kachidutswa aka ndi kamene kangasiyanitse vidiyo yoyankha funso la munthuyo ndi yongolizungulira.

Malo achiwiri ndi pamene linki yatumizidwa kwa anthu ena. Tsamba lililonse la vidiyo lili ndi mizere yobisika imene mapulogalamu ena amawerenga akafuna kupanga kabokosi koonetsera linki. Umodzi mwa mizereyo umaoneka chonchi:

```
<meta property="og:description" content="...">
```

M'malo mwa madontho atatuwo, YouTube imaikamo chiyambi cha malongosoledwe, chodulidwa pa zilembo pafupifupi 160. WhatsApp, Facebook ndi Telegram zimatenga mutu, kachithunzi ndi mawu ochokera m'mizere yotereyi, ndipo iliyonse imaonetsa gawo limene ikufuna. Izi zili ndi tanthauzo lalikulu kwa opanga mavidiyo a Chichewa, chifukwa mavidiyo ambiri otere amayenda kudzera m'magulu a WhatsApp a mpingo, a alimi, a abale ndi a anthu akumudzi okhala ku Joni. Wolandira linki amaganizira bandulo yake asanadine. Kuwerenga mizere iwiri sikumudyera deta, pamene kutsegula vidiyo ya mphindi khumi kumamudyera. Mizereyo ikalephera kumuuza chimene apeze, amadutsa, ndipo sangaimbidwe mlandu.

Malo achitatu ndi makina a YouTube enieniwo. Kampaniyi imanena poyera m'malangizo ake kuti mutu, kachithunzi ndi malongosoledwe ndizo zofunika kwambiri kuti vidiyo ipezeke, ndipo mawu ozindikiritsa a m'bokosi la `Tags` amathandiza pang'ono chabe, makamaka pa mawu amene anthu amalakwitsa polemba. Imalangizanso kuti mawu aakulu a nkhaniyo aikidwe kumayambiriro kwa malongosoledwe. Pa vidiyo yolankhulidwa m'Chichewa, mawu olembedwawa amalemera kwambiri, popeza makina omvetsera zolankhula ndi kuzisandutsa malemba amagwira bwino ntchito pa zinenero zazikulu monga Chingelezi kusiyana ndi zinenero zathu. Chimene mwini vidiyo sanalembe, makina sangachidziwe mosavuta.

Chitsanzo chimodzi, malembedwe atatu

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaulimi wajambula vidiyo yophunzitsa kusunga chimanga m'matumba a PICS. Matumba amenewa, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, amakhala atatu pamodzi: awiri a pulasitiki m'kati ndi limodzi lolukidwa kunja. Akamangidwa bwino, mpweya sulowa, ndipo anankafumbwe amafa okha popanda kuthira mankhwala. Chimanga chiyenera kuuma bwino chisanalowe, ndipo thumba lililonse limamangidwa palokha. Mlangiziyo wapatsa vidiyo yake mutu wakuti "Chimanga chosafumbwa chaka chonse". Mutuwu ndi wokopa, koma sunena njira yake.

Poyamba akulemba mmene ambiri amalembera:

```
Moni nonse okondedwa! Takulandiraninso ku tchanelo chathu. Musaiwale kudina Subscribe kuti musaphonye mavidiyo athu atsopano.
```

Mawu amenewa ndi zilembo 125, kutanthauza kuti adya pafupifupi malo onse oonekera. Mulibe chimanga, mulibe thumba, mulibe nankafumbwe. Akhoza kuikidwa pansi pa vidiyo ya kwaya, ya mpira kapena ya kaphikidwe ka zitumbuwa popanda kusintha chilembo n'chimodzi chomwe, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chachikulu cha chiyambi chofooka. Kuwonjezera apo, mawuwa akupempha mlendo kuti akhale wotsatira asanamuonetse chilichonse.

Cholakwika chimenechi chimachokera pa chinthu chabwino. Kwathu kuno kuyamba nkhani osapereka moni ndi mwano, ndipo dzanja limalemba moni lokha mutu usanaganize. Koma moni uli ndi malo ake, omwe ndi m'vidiyo momwemo, mmene nkhope ndi mawu a mlangizi zimaupatsa ulemu wake wonse. Wolembedwa m'bokosi ungathe kutsikira pa mzere wachinayi popanda kutaya kanthu. M'pofunikanso kukumbukira kuti mawu a Chichewa amakonda kutalika chifukwa amanyamula zambiri m'liwu limodzi: "Takulandiraninso" palokha ndi zilembo 16. Wolemba m'Chichewa ali ndi mawu ochepa oti akwanire m'malo omwewo, choncho sangakwanitse kumwaza.

Mlangizi uja atamva kuti makina amafuna mawu aakulu a nkhani, akulumphira mbali ina:

```
chimanga PICS matumba ulimi Malawi anankafumbwe kusunga chimanga alimi mbewu nkhokwe chimanga chimanga
```

Apa mawu ofunika alipo, koma palibe chiganizo, ndipo munthu wowerenga amazindikira msanga kuti sizinalembedwere iye. Vuto silithera pamenepo. Malamulo a YouTube amaletsa kuunjika mawu ozindikiritsa m'malongosoledwe pofuna kupusitsa makina osakira, ndipo vidiyo yotero ingathe kuchotsedwa. Mahashitagi nawonso ali ndi malire: atatu okha ndi amene amaonetsedwa pamwamba, ndipo akapitirira 60 YouTube imawanyalanyaza onse. Malo awo abwino ndi kumapeto kwa bokosi, chifukwa pulogalamu imawatola kulikonse kumene ali.

Kachitatu akulemba motere:

```
Kusunga chimanga m'matumba a PICS popanda mankhwala a anankafumbwe.
Onani kayesedwe ka kuuma kwake ndi kamangidwe ka matumba onse atatu.
```

Mzere woyamba uli ndi zilembo 67, wachiwiri 68. Zilembo 33 zoyambirira, "Kusunga chimanga m'matumba a PICS", zanena kale nkhani yonse, moti ngakhale mpeni utagwera pomwepo wowerenga wadziwa chimene chilimo. Theka lachiwiri la mzerewo likupereka phindu, lomwe ndi kusagula mankhwala. Mzere wachiwiri ukulonjeza zinthu ziwiri zenizeni zimene vidiyo ikuonetsa, ndipo ndi zomwe zimasokoneza alimi ambiri: kudziwa ngati chimanga chauma mokwanira ndi kumanga kuti mpweya usalowe. Mawu amene mlimi angalembe posaka, monga chimanga, PICS ndi anankafumbwe, alimo onse, koma akhala m'chiganizo cha munthu.

Chinanso choyenera kuona ndi chakuti mizereyi sikubwereza mutu. Mutu unalonjeza chimanga chosafumbwa, malongosoledwe akunena njira. Pa zotsatira za kusaka ziwirizi zimaoneka moyandikana, ndipo kukopera mutu n'kuuikanso m'bokosi ndi kutaya mwayi wonena chinthu chachiwiri. Mzere uliwonse ukuthera ndi dontho, chifukwa mawu akamatengedwa kupita m'mabokosi oonetsera linki, kudumpha kwa mizere kumafafanizika ndipo ziganizo zimalumikizana. Popanda chizindikiro chopumira, mizere iwiri ija imasanduka chiganizo chimodzi chosokonekera.

Zimene zimalimbirana malowo

Chinthu chimene chimakopa kwambiri kuti chiikidwe pamwamba ndi linki. Wamalonda amafuna kuti oonera afike ku sitolo yake, woimba amafuna kuti akagule nyimbo. Pali nthawi imene izi n'zoyenera: ngati cholinga chonse cha vidiyo ndi kutumiza anthu kumalo ena, monga kukalembetsa maphunziro, linki yobisika pansi pa `...more` idzaphonyedwa ndi ambiri. Ngakhale pamenepo, malo ake ndi mzere wachiwiri, pambuyo pa chiganizo chonena nkhani, ndipo ikhale ndi mawu ochepa onena kumene ikupita. Linki yoikidwa poyambirira penipeni imasandutsa kachidutswa ka pa zotsatira za kusaka kukhala mulu wa zilembo ndi manambala wosawerengeka, ndipo pamalo pamenepo siidinikanso payokha. Komanso si tchanelo chilichonse chimene malinki ake amadinika: YouTube imafuna kuti mwini tchanelo ayambe watsimikiziridwa kuti apatsidwe mwayi umenewu, ndipo kuyambira pa 31 Ogasiti 2023 malinki a m'malongosoledwe a mavidiyo aafupi a Shorts sadinika konse.

Mndandanda wa zigawo za vidiyo, uja woyamba ndi `00:00`, ndi wothandiza kwambiri koma sufunika kukhala pamwamba. YouTube imaupeza paliponse m'bokosi, bola ukhale ndi nthawi zosachepera zitatu, yoyamba ikhale `00:00`, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Chimodzimodzi mayina a ojambula, zothokoza, ndi masamba ena a mwini tchanelo. Zonsezi zimafunidwa ndi munthu amene wakonda kale vidiyo, ndipo iyeyo savutika kudina.

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kupatsidwa malo pamwamba ngakhale sichikopa aliyense, ndicho kuulula kuti vidiyo yalipiridwa ndi wamalonda. Bungwe loona za malonda la boma la America, Federal Trade Commission, linanena m'malangizo ake a mu 2019 kuti kuulula kotere kusabisidwe pamalo pofuna kuti munthu adine kaye, ndiponso kuti kunenedwe m'vidiyo momwemo, osati m'malongosoledwe mokha. Lamulo limenelo ndi la dziko limenelo, koma chilungamo chake n'cha paliponse. Mlangizi uja atapatsidwa matumbawo kwaulere ndi wogulitsa, mlimi ali ndi ufulu wodziwa asanakhulupirire uphungu wake. Chenjezo la ngozi, monga pa vidiyo yokonza magetsi kapena yosakaniza mankhwala a m'munda, nalonso ndi loyenera mzere wachiwiri kuposa pempho lililonse.

Msampha wobisika uli m'makonzedwe a tchanelo. Mu YouTube Studio, pansi pa `Settings`, muli gawo la `Upload defaults`, mmene mwini tchanelo angalembe mawu oti azilowa okha m'vidiyo iliyonse yatsopano. Ndi chida chopulumutsa nthawi, koma ambiri amasiya mawu okhazikikawo pamwamba n'kulemba zatsopano pansi pake, kapena osalemba kanthu. Zotsatira zake, mavidiyo onse a tchanelocho amayamba ndi chiganizo chimodzimodzi. Njira yabwino ndi kuika mawu okhazikikawo ngati mchira, ndipo pa vidiyo iliyonse kuyamba kulemba pamwamba pake.

Kudziwa ngati zagwira

Kuyesa koyamba sikufuna luso. Mwini vidiyo atsegule tsamba lake pa kompyuta ndi pa foni, aone pamene mawu adulidwira. Kenako asake vidiyoyo ndi mawu amene mlendo angagwiritse ntchito, osati dzina la tchanelo, aone kachidutswa kamene katuluke. Pomaliza adzitumizire linki pa WhatsApp asanaimwaze m'magulu. Kuyesa kumeneku kuchitike linki isanafalitsidwe, chifukwa kabokosi koonetsera kamapangidwa pa nthawi yotumiza. Malongosoledwe angathe kukonzedwa nthawi iliyonse popanda kusintha linki kapena kutaya chiwerengero cha oonera, koma mauthenga amene anapita kale amakhalabe ndi mawu akale.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa manambala. Mu YouTube Studio, gawo la `Analytics` lili ndi tsamba la `Reach`, limene limaonetsa kumene oonera akuchokera. Pansi pa `YouTube search` pamatuluka mawu enieni amene anthu analemba kuti apeze vidiyoyo. Mlangizi uja akapeza kuti ambiri akulemba "matumba osathira mankhwala" m'malo mwa PICS, ndiye kuti alimi amawadziwa ndi dzina limenelo, ndipo mzere woyamba uyenera kutengera kalankhulidwe kawo. Tsamba lomwelo limaonetsanso gawo la anthu amene anadina ataona kachithunzi. Nambala imeneyi iyenera kuwerengedwa mosamala. Ikasintha mutu, kachithunzi ndi malongosoledwe zitasinthidwa tsiku limodzi, palibe amene angadziwe chimene chachititsa. Pa tchanelo chaching'ono, kusiyana kwa anthu ochepa chabe kumatha kukweza kapena kutsitsa nambalayo popanda chifukwa chenicheni, choncho pamafunika kusintha chinthu chimodzi ndi kudikira.

Mphamvu ya mizere iwiriyi ili ndi malire amene ayenera kunenedwa mosabisa. Pa tsamba loyamba la YouTube ndi pa mndandanda wa mavidiyo olangizidwa, malongosoledwe saoneka konse. Pamenepo mutu ndi kachithunzi ndizo zimalankhula. Tchanelo cha nthabwala kapena cha nyimbo, chimene oonera ake ambiri amachokera m'malo amenewo, sichingasinthe kwambiri chifukwa cha mizere iwiri. Amene amapindula kwenikweni ndi opanga mavidiyo oyankha funso: ophunzitsa ulimi, umakaniko, kusoka, masamu a Fomu 4 kapena zaumoyo, chifukwa oonera awo amabwera posaka kapena polandira linki. Ndiponso mawu sangapulumutse vidiyo yosakwaniritsa lonjezo. Mizere ikanena za kayesedwe ka kuuma kwa chimanga koma vidiyo osaonetsa, oonera amachoka msanga, ndipo YouTube imaona kuchoka kumeneko n'kuchepetsa kuilangiza kwa ena. N'chifukwa chake mizere iwiri yoyamba imalembedwa bwino vidiyo itatha kukonzedwa, wolemba ataionera yonse, kuti alonjeze zokhazo zimene zilimodi.